Lipoti la Kampeni ya Marichi ndi Epulo 2025, Gawo 4: Kodi 4.0 Peresenti Tiidalire Bwanji?

Gawo ili ndalembera a komiti yoona za bajeti ndi anzathu a ku ofesi ya malonda, chifukwa pa msonkhano wapitawu panabuka mafunso awiri: kodi kampeni yakwaniritsa cholinga, ndipo pa masamba awiri olembetsera amene tinayesa, kodi tsamba B, la fomu yaifupi, lapambana tsamba A, la fomu yaitali? Yankho la funso loyamba ndi inde, ngakhale tadutsa mopapatiza. Funso lachiwirilo manambala athu sanafike poti n'kuliyankha.

Kuyambira pa 3 Marichi mpaka pa 13 Epulo, anthu 8,000 anafika pa tsamba lolembetsera, ndipo 320 mwa iwo analembetsa. Mlingo wa olembetsa ndi 4.0 peresenti. Cholinga chathu chinali 3.5 peresenti. M'matebulo onse a lipotili mwaona kuti nambalayi yalembedwa chonchi: 4.0 ± 0.43, kapena 3.57 mpaka 4.43. Nambala ya 0.43 ndi mpata wa kuphonya, ndipo manambala awiri enawo ndi malire odalirika pa mlingo wa 95 peresenti.

Tinawerenga aliyense, ndiye kuphonyako kukuchokera kuti?

Funso limeneli n'lomveka ndipo ndikufuna tilitherepo nthawi. Zoonadi, 320 ndi 320. Zimene zinachitika m'masabata asanu ndi limodzi aja palibe chokayikitsa. Koma komiti sikufuna nambalayi kuti ingodziwa zakale. Ikufuna kudziwa kuti tikaikanso ndalama pa kampeni yofanana nayo, pa anthu 100 alionse obwera, ndi angati adzalembetse. Anthu 8,000 aja ndi gawo chabe la anthu onse amene malonda athu akanatha kuwafikira. Kukanabwera ena 8,000 ofanana nawo, uthenga womwewo, tsamba lomwelo, mwina akanalembetsa 305, mwina 338. Mukaponya ndalama yachitsulo m'mwamba ka 100, si nthawi zonse pamene mbali imodzi imagwa ka 50 ndendende, ngakhale ndalamayo ilibe vuto lililonse. Kusinthasintha kwamwayi kotereku n'kumene mpata wa kuphonya umayeza.

Mawerengedwe ake ndi awa, pamene p ndi mlingo wa olembetsa ndipo n ndi chiwerengero cha anthu obwera:

```
1.96 * SQRT(p * (1 - p) / n)
1.96 * SQRT(0.04 * 0.96 / 8000) = 0.0043
```

Zimenezi zikutipatsa mapointi 0.43. Chonde tisamale apa: ndi mapointi a peresenti, ochotsera ndi kuwonjezera pa 4.0 mwachindunji. Tikachotsa tikupeza 3.57, tikawonjezera tikupeza 4.43. Cholinga cha 3.5 chili kunsi kwa malire apansiwo, n'chifukwa chake ndikunena kuti tadutsa. Kusiyana kwa 3.5 ndi 3.57 n'kochepa, choncho pokonza bajeti ya kampeni ikubwerayi ndikupempha kuti tiwerengere olembetsa pakati pa 286 ndi 354 pa anthu 8,000 alionse, osati kumangira zonse pa 320.

Nanga 95 peresenti ija ikutanthauza chiyani? Maganizo amenewa anawakhazikitsa katswiri wa masamu Jerzy Neyman mu 1937, ndipo amanena za njira yowerengera: tikanati tichite kampeni yomweyi kambirimbiri, n'kumawerenga malire mwanjira imeneyi ulendo uliwonse, maulendo pafupifupi 95 pa 100 alionse malirewo akanakhala kuti aphatikiza mlingo weniweni. Maulendo asanu otsalawo akanauphonya. Palibe chizindikiro chotiuza ngati ulendo uno uli m'gulu la 95 kapena la asanu aja. Amene akufuna chitsimikizo chokulirapo akhoza kugwiritsa ntchito 99 peresenti, pamene 1.96 amalowedwa m'malo ndi 2.576, koma mpata umakula kufika pa 0.56. Pamenepo malire apansi amatsika kufika pa 3.44, ndipo cholinga chathu chimalowa mkati mwa malire. Ndaona kuti ndi bwino mudziwe zimenezi musanalengeze chipambano mokweza kwambiri.

Njira zitatu zimene anthu anabwerera

| Njira | Obwera | Olembetsa | Mlingo | Malire odalirika |
|---|---|---|---|---|
| Imelo | 5,000 | 190 | 3.80 | 3.27 mpaka 4.33 |
| Malonda a pa masamba a mchezo | 2,850 | 121 | 4.25 | 3.51 mpaka 4.99 |
| Linki ya bungwe logwirizana nafe | 150 | 9 | 6.00 | 3.2 mpaka 11.0 |

Mzere wachitatuwo ndi umene unakopa maso a ambiri, mpaka panamveka ganizo loti tisamutsire ndalama zambiri kumeneko. Ine ndikutsutsa ganizoli mwamphamvu. Olembetsa ndi anthu 9 okha. Atatu mwa iwo akanati asinthe maganizo, mlingo ukanakhala 4.0 peresenti, wofanana ndi wa kampeni yonse, ndipo palibe akanaulankhulapo. Malire a 3.2 mpaka 11.0 akutiuza kuti njirayi ikhoza kukhala yabwino kwambiri kuposa zonse, ikhozanso kukhala yotsika kuposa imelo. Chofunika ndi kuipatsa anthu ochulukirapo mu kampeni ikubwerayi kuti tiidziwe bwino.

Pa mzere umenewu ndagwiritsa ntchito njira ya Wilson, imene Edwin B. Wilson anaifalitsa mu 1927. Fomula ya pamwamba ija imagwira bwino ntchito olembetsa akakhala ambiri, koma akachepa chonchi imasocheretsa, mpaka nthawi zina imapereka malire otsika kupitirira ziro, chinthu chosatheka. Njira ya Wilson ilibe vuto limeneli, ndipo n'chifukwa chake malire a mzerewu sanatalikirane mofanana kuchokera pa 6.0.

Pakati pa imelo ndi masamba a mchezo pali kusiyana kwa mapointi 0.45, komwe n'kochepa poyerekeza ndi mpata wa njira iliyonse. Palibe chifukwa chosinthira kagawidwe ka ndalama pakati pa ziwirizi potengera mlingo wokha.

Tsamba A ndi tsamba B

Obwera anagawidwa mwamwayi, 4,000 ku tsamba lililonse. Pa tsamba A, lomwe lili ndi fomu yaitali, analembetsa 148, kutanthauza 3.7 peresenti. Pa tsamba B, la fomu yaifupi, analembetsa 172, kutanthauza 4.3 peresenti. Mu chikalata choyamba chimene chinazungulira munali mawu oti tsamba B lakweza olembetsa ndi 16 peresenti. Masamu ake ndi olondola, pakuti 0.6 kugawa ndi 3.7 ndi pafupifupi 0.16, koma mawuwo ndawachotsa mu lipoti lomalizali.

Chifukwa chake n'chakuti poyerekeza masamba awiri, kusiyana kwawo nakonso kumakhala ndi mpata wake wa kuphonya, ndipo mpatawo umaphatikiza kusinthasintha kwa masamba onse awiri:

```
1.96 * SQRT(0.037*0.963/4000 + 0.043*0.957/4000) = 0.0086
```

Kusiyana ndi mapointi 0.6, mpata ndi 0.86. Malire ake ndi -0.26 mpaka +1.46. Ziro ali mkati. Izi zikutanthauza kuti manambala athu akugwirizana ndi nkhani zitatu zosiyana: kuti B ndi wabwino kwambiri, kuti masambawa ndi ofanana, kapena kuti A ndiye wabwinoko pang'ono. Mbali yaikulu ya malirewa ili kumtunda kwa ziro, choncho ine ndekha ndikupendekera ku B, ndipo n'zomveka kuti fomu yaifupi isamatopetse anthu. Koma kupendekera kwanga si umboni woti n'kuulemba pa chikuto cha lipoti. Tisalembenso kuti masambawa ndi ofanana, chifukwa nazonso sitinazitsimikize. Anthu 24 okha ndi amene akusiyanitsa masamba awiriwa.

Ena afunsa kuti tikadikira nthawi yaitali bwanji kuti tidziwe. Apa ndiye povuta. Mpata wa kuphonya suchepa mofanana ndi mmene anthu akuchulukira. Kuti uchepe ndi theka, pamafunika anthu ochuluka kanayi: kuchoka pa 0.43 kufika pa 0.21 n'kuchoka pa anthu 8,000 kufika pa 32,000. Ngati kusiyana kwenikweni kuli mapointi 0.6, tikufunika anthu pafupifupi 17,000 pa tsamba lililonse kuti tikhale ndi mwayi wa 80 peresenti woti kuyesaku kukuonetse momveka. Pa liwiro la kampeni yathayi, otsalawo angatitengere masabata ena pafupifupi 20.

Kodi kudikira kumeneko n'koyenera? Maganizo anga ndi akuti ayi, ngati cholinga n'kungosankha tsamba. Masamba onse awiri ndi omangidwa kale, kusankha B sikutiwonongera ndalama, ndipo ngakhale zitavuta chotani, malire akusonyeza kuti tingataye mapointi pafupifupi 0.26, pamene tikhoza kupindula mpaka 1.46. Tisankhe B pa chifukwa chimenechi, ndipo tinene poyera kuti ndi chifukwa chake. Chimene sindingavomereze n'kulonjeza olembetsa owonjezera 16 peresenti mu bajeti ya chaka chamawa.

Ngati komiti ingasankhe kupitiriza kuyesa, tigwirizane chiwerengero cha anthu tisanayambe, ndipo tisaimitse tsiku limene B waoneka kuti watsogola. Munthu amene amasuzumira zotsatira tsiku ndi tsiku n'kuima pamene zamukomera amapeza wopambana wabodza kawirikawiri kuposa maulendo asanu pa 100 aja.

Zimene mpatawu suona

Mpata wa kuphonya umayeza mwayi wokha. Suona ngati kachipangizo kowerenga olembetsa kanasiya kugwira ntchito masiku ena, ngati mapulogalamu ongodina malinki anawerengedwa ngati anthu, kapena ngati munthu mmodzi anabwera pa foni kenako pa kompyuta n'kuwerengedwa kawiri. Zoterezi zikakhalapo, kuchulukitsa anthu sikuzikonza. Pa kampeni ino tinayerekeza chiwerengero cha pa dashibodi ndi mayina amene analowadi m'kaundula wa olembetsa, ndipo zinagwirizana pa 320. Chiwerengero cha obwera, 8,000, tilibe china chochiyerekeza nacho, ndiye ngati pali cholakwika chobisika, chingakhale kumeneko.

Pali zina ziwiri. Tinatseka kuwerenga pa 13 Epulo, ndipo amene anaona malonda m'masiku omaliza n'kulembetsa pambuyo pake sali m'gulu la 320, zimene zikutsitsa mlingo pang'ono. Komanso malire onsewa akunena za anthu ofanana ndi amene tinawafikira mu nyengo imeneyi. Tikakuza kampeni kuti ifike kwa anthu amene sanamvepo za ife, tisadabwe mlingo ukatsika kupitirira 3.57.

Ndikupempha komiti ivomereze kuti m'malipoti onse akubwerawa, mlingo uliwonse uzilembedwa pamodzi ndi chiwerengero cha obwera, chiwerengero cha olembetsa ndi malire ake, ndiponso kuti mzere uliwonse wokhala ndi olembetsa osakwana 30 uziikidwa chizindikiro choti sunakwane kupangirapo chiganizo cha ndalama. Matebulo a mu Gawo 5 akonzedwa kale motsatira dongosolo limeneli.