Za pempho lanu la ntchito ya mlangizi wa alimi a mpunga: zikalata zanu zafika zosathera

Wokondedwa Mayi,

Ndikukulemberani kuchokera ku ofesi yathu ya kuno ku Zomba, kumene ndimayang'anira za kulemba anthu ntchito, ndipo choyamba ndikuthokozeni chifukwa cha pempho lanu lofuna ntchito ya mlangizi wa alimi a mpunga, limene linatipeza Lolemba madzulo. Ndaliwerenga lero m'mawa pamodzi ndi mapempho ena, koma ndaona kuti n'koyenera kukudziwitsani msanga kuti zikalata zonse ziwiri zimene munatumiza, kalata yofunsira ntchito ndi chikalata cha mbiri yanu ya maphunziro ndi ntchito, zatifika zosathera.

Kalata yofunsira ntchito ili ndi ndime ziwiri zathunthu, ndipo yachitatu yathera pakati pa chiganizo. Mawu omaliza amene ndikuwaona ndi awa: "Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, madzi anagumula ngalande yaikulu yolowetsa madzi m'minda, ndipo ine pamodzi ndi komiti ya alimi tinagwirizana kuti". Pambuyo pa mawu akuti "kuti" palibenso chilichonse, ngakhale mawu otsanzikira kapena dzina lanu. Chikalata cha mbiri yanu, chimene munachitcha CV_mlangizi.pdf, chikusonyeza m'munsi mwa tsamba kuti chili ndi masamba 4, koma amene akutseguka ndi awiri okha. Tsamba lachiwiri lathera pa mutu wonena za ntchito zimene munagwirapo, pamene mwatchula chaka chimene munayamba ntchito yanu yoyamba koma osafika potchula udindo wanu kapena kumene munkagwira. Ndisanakulembereni ndinayesa kutsegula mafayilowa pa makompyuta awiri osiyana komanso pa foni, ndinapemphanso mnzanga wa mu ofesi muno kuti ayese, poganiza kuti mwina vuto lili kwa ife, koma paliponse akuthera pa malo omwewo.

Sindikuona ngati zimenezi zikusonyeza kusasamala kumbali yanu, chifukwa mbali imene yatifika inalembedwa mwadongosolo komanso mosamala. Zotere zimachitika kawirikawiri munthu akamatumiza zikalata pa foni netiweki ikuvutavuta, kapena magetsi akazima fayilo isanamalize kusungidwa, ndipo nthawi zina munthu amangosankha fayilo yakale imene anaisiyira panjira m'malo mwa yomaliza. Dziwani kuti gulu losankha silidzakuchotserani kanthu chifukwa cha vutoli.

Zimene ndawerenga zandipatsa chidwi chofuna kuona zotsalazo. Mwalemba kuti muli ndi satifiketi ya MSCE komanso dipuloma ya ulimi wamthirira yochokera ku Natural Resources College ku Lilongwe, ndipo maphunziro amenewa ndi amene tinapempha mu chidziwitso chathu. Mwanenanso kuti mumalankhula Chiyao kuwonjezera pa Chichewa, chimene ndi chinthu chothandiza kwambiri m'midzi yambiri imene timagwiramo ntchito. Koma mbali imene yasowa ndi imene gulu losankha limaiyang'anitsitsa kuposa zonse. Amene tidzamulembe azidzagwira ntchito ndi alimi a ku sikimu ya Likangala ndi madambo ena ozungulira nyanja ya Chilwa, kumene vuto lalikulu limakhala madzi, chaka china ochuluka mpaka kumiza mpunga, chaka china ochepa mpaka alimi a kumtunda ndi a kumunsi kwa ngalande kuyamba kukanganirana. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, inaphwa mu 1995 ndipo inaphweranso kwambiri mu 2018, choncho mlangizi wa kumeneko amafunika kukhala munthu amene anakhalapo pansi ndi alimi pa nthawi yovuta n'kugwirizana nawo chochita. Chiganizo chanu chadukira pamene mumati mutiuze zimene inu ndi komiti ija munagwirizana ngalande itagumuka, ndipo kunena zoona ndikufunitsitsa kumva mmene nkhaniyo inathera.

Chifukwa cha zimenezi ndikukupemphani kuti mutitumizirenso zikalata zonse ziwiri zathunthu. Mu mbiri yanu muonetsetse kuti mwatchula malo onse amene munagwirako ntchito, udindo umene munali nawo, zaka zimene munakhalako, ndi anthu atatu amene angakuchitireni umboni pamodzi ndi manambala awo a foni, ndipo mmodzi mwa iwo akhale amene anakuyang'aniranipo pa ntchito. Muikemonso zithunzi zooneka bwino za satifiketi ndi dipuloma yanu, chiphaso chanu cha unzika, ndi layisensi ya njinga yamoto ngati muli nayo, popeza nthawi ya dzinja misewu yopita kunyanja imavuta ndipo alangizi athu amayendera njinga zamoto. Ngati layisensiyo mulibe, ingonenani choncho mu kalata yanu, chifukwa chimenecho pachokha sichikulepheretsani kupikisana nawo.

Potumiza, yankhani imelo yomwe ino kuti zonse zikhale pamodzi pa nambala ya pempho lanu, imene ndi 37. Zikalata zikhale za mtundu wa PDF, ndipo mukamaliza kutumiza mutsegule imelo imene mwatumizayo n'kuwerenga masamba onse mpaka lomaliza, kuti mutsimikize kuti zimene zachoka kwa inu ndi zathunthu. Ngati kumene muliko intaneti ikupitirizabe kuvuta, mukhoza kubweretsa zikalata zosindikiza mu envulopu yomata ku ofesi yathu, pa adiresi imene ili pa chidziwitso cha ntchito chija, kapena kupatsira munthu amene akubwera ku Zomba, bola pa envulopupo palembedwe dzina lanu ndi nambala 37. Mlembi wa pa khomo adzalandira ndi kulemba m'buku kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana.

Tsiku lotsekera kulandira mapempho silinasinthe, ndi Lachisanu la sabata ino nthawi ya 4 koloko masana, ndipo ndilibe mphamvu yokuwonjezerani masiku, chifukwa kutero kungakhale kulakwira anzanu ena amene akupikisana nanu. Ndalemberanso ena awiri amene mapempho awo anafika osakwanira, ndipo onse ndawapatsa nthawi yomweyi. Gulu losankha lidzakhala pansi Lachiwiri la sabata yamawa, ndipo lidzangoona mapempho amene ali athunthu. Ngati pofika Lachisanu sitidzakhala titalandira kanthu kuchokera kwa inu, pempho lanu silidzapita ku gululo.

Ndiyeneranso kunena momveka kuti kalata ino sikukulonjezani ntchito kapena kuitanidwa ku mafunso a pamasom'pamaso, popeza chigamulocho ndi cha gulu lonse ndipo ine ndine mmodzi chabe mwa anthu asanu. Chimene ndingakulonjezeni ndi chakuti zikalata zanu zikafika mu nthawi yake ndidzaziika pamodzi ndi za ena onse popanda kutchula kuti zinabwera kawiri. Ndikuchenjezeninso kuti ofesi yathu silipiritsa ndalama iliyonse kwa munthu wofunsira ntchito, choncho wina akakuimbirani foni kuti mumutumizire kenakake kuti akukonzereni njira, musamupatse ndipo mundidziwitse.

Ngati munaganiza zosiya kufunsira ntchitoyi, mwina chifukwa mwapeza ina, chonde ndiyankheni ndi mawu ochepa chabe kuti nditseke fayilo yanu. Koma ngati mukuifunabe, zikalata zanu zikangofika ndidzazitsegula tsiku lomwelo ndipo ndidzakuyankhani kuti masamba onse ndawaona.

Ine wanu,

Mkulu woona za kulemba anthu ntchito
Zomba