Chigoba cha pakompyuta chomwe chimatembenuza nkhope

Chithunzi n'chafulati. Mukhale ndi chithunzi cha munthu woyang'ana kumanzere, inu n'kufuna kuti ayang'ane kutsogolo: mukangochikoka kapena kuchipinda pakompyuta, mphuno imaphwatalala, tsaya limatambasuka ngati labala. Chithunzicho sichidziwa kuti mphuno inatulukira kunja ndiponso kuti maso analowa mkati. Kuya kumeneku n'kumene chigoba cha nkhope chimabweretsa.

Ganizoli linatchuka mu 1999, pomwe Volker Blanz ndi Thomas Vetter, ali ku Max Planck Institute mumzinda wa Tübingen ku Germany, anagwiritsa ntchito mitu yojambulidwa ndi makina a leza ya anthu 200, amuna 100 ndi akazi 100. Nkhope iliyonse anaisandutsa ukonde wa timfundo pafupifupi 70,000, ndipo anaonetsetsa kuti kamfundo ka pansonga ya mphuno kali ndi nambala yomweyomweyo pankhope zonse. Apa m'pomwe panagona nzeru. Timfundo tikagwirizana chonchi, n'zotheka kupeza nkhope ya pakatikati, kenako n'kupeza njira zikuluzikulu zomwe nkhope za anthu zimasiyanirana nayo: kutalika kwa chibwano, kunenepa kwa masaya, kukula kwa chipumi. Motero nkhope yatsopano ilembedwa ndi manambala ochepa chabe:

```
S = S0 + a1*s1 + a2*s2 + ... + an*sn
```

Pano S ndi nkhope yatsopanoyo, S0 ndi nkhope ya pakatikati ija, s1 mpaka sn ndi njira zosiyanirana zija, pomwe manambala a1 mpaka an akunena kuti munthu wathuyu wapatuka motani kuchoka pa iyo.

Ntchito yotembenuza imayamba ndi kuveka chigobacho pachithunzi. Pulogalamu imasaka zizindikiro pankhope, kawirikawiri 68: ngodya za maso, m'mbali mwa milomo, mzere wa nsagwada. Ikatero imasinthasintha maonekedwe a chigoba ndi kakhalidwe kake mpaka zizindikiro zake zigwere pa zizindikiro za pachithunzi. Kakhalidwe ka mutu kamayezedwa ndi makona atatu, ndipo tonse timawadziwa ngakhale sitiwatchula: kupukusa mutu pokana, kugwedezera povomera, ndi kupendekera khutu kuphewa.

Chigoba chikakhala bwino, kamfundo kalikonse kamatenga mtundu wa khungu la pamalo pomwe kagwera. Kenako mumangosintha makona atatu aja, kaya kuwalemba nokha kaya kuwatenga pamutu wa munthu wina wa muvidiyo, n'kujambulanso chigobacho. Ubwino wake ngwakuti manambala onena kuti munthuyu ndani ali padera, a kumwetulira kapena kukwinya nkhope ali padera, a kakhalidwe ka mutu alinso padera. Mutu utembenuke, mwini wake akhale yemweyo. Kompyuta imayezanso mtunda wa kachigawo kalikonse kuchokera ku kamera, choncho mphuno ikatchinga tsaya, tsayalo limabisika monga zimakhalira pamunthu weniweni.

Vuto ndi mbali yomwe kamera sinaione. Munthu woyang'ana cham'mbali akatembenuzidwa, patsaya lomwe linabisika pamatsala chibowo. Chigoba chimaloza bwinobwino pomwe pali chibowocho, koma chodzazapo chilibe. Njira yachidule ndi kubwereka ku tsaya linalo, monga anachitira Tal Hassner ndi anzake mu 2015. Imathandiza ndithu, koma ineyo sindiikhulupirira kwenikweni: chipsera cha tsaya limodzi chimabadwa mapasa, ndipo ngati dzuwa linawomba mbali imodzi, kuwalako nako kumakoperedwa. M'kamwa namonso n'chimodzimodzi, poti chigoba chilibe mano ndi lilime. Pulogalamu ya Face2Face, yomwe Justus Thies ndi anzake anaonetsa mu 2016 yosamutsa kayendedwe ka nkhope, inkasaka m'vidiyo ya munthu yemweyo chithunzi cha m'kamwa choyenerana. Masiku ano zibowozi zimadzazidwa ndi mapulogalamu ophunzitsidwa pa zithunzi zambirimbiri, koma zomwe amaikapo n'zongoganizira. Khutu looneka bwinolo mwina si la mwini wake.

Tsitsi, magalasi ndi khosi nazo zimasautsa, chifukwa zigoba zambiri zimathera pachipumi ndi m'makutu. FLAME, chigoba cha 2017, inayesa kuchepetsa vutoli: ili ndi timfundo 5,023 tokha, koma ndi mutu wathunthu, wokhala ndi mfundo zopindika pakhosi, pansagwada ndi m'maso.

China choyenera kudziwa n'chakuti chigoba chimangodziwa nkhope zomwe chinapangidwa nazo. Basel Face Model, chigoba cha 2009, inachokeranso pa anthu 200, ambiri mwa iwo azungu. Mukaiveka pankhope ya munthu wakuda, kutsogolo zingaoneke ngati zagwirizana, poti zizindikiro 68 zija zagwera m'malo. Mutembenuzeni cham'mbali, mungapeze kuti mphuno yasongoka kuposa yake, milomo nayo yabwerera mkati.