Malangizo kwa Komiti ya Madzi: Momwe Choyandama ndi Kontorola Zimadzazira Thanki

Mu thanki yathu ya malita 5,000 muli kabokosi kapulasitiki koyandama, kolendewera pa waya. Imeneyi ndi swichi yoyandama. M'kati mwake muli kampira kachitsulo. Madzi akatsika, choyandamacho chimazyolika, kampira n'kugubudukira mbali imodzi. Madzi akakwera, chimadzuka, kampira n'kubwerera. Kugubuduka kumeneku ndiko kumalumikiza kapena kudula magetsi a mu waya wopita ku kontorola, bokosi lija lili pansi pa mapanelo a sola.

Choyandama sichiyendetsa pampu pachokha, chimangotumiza uthenga. Kontorola ndiyo imapatsa pampu magetsi kapena kuimana. Thanki ikadzaza, pamayaka kanyale ka TANK FULL ndipo pampu imaima. Madzi akatsika imadikira kaye pang'ono isanayambenso, choncho musathamangire kunena kuti yafa.

Pa waya wa choyandama pali kamtolo kolemera, ndipo ndi kamene kamalamula zonse. Kutalika kwa waya kuchokera pa kamtoloko kufika pa choyandama ndiko kumasiyanitsa poimira pampu ndi poyambira. Yambani ndi masentimita 30. Mukafupikitsa kwambiri, pampu imangoyaka ndi kuzima, mota n'kutha msanga. Mukatalikitsa kwambiri, thanki imatsala pang'ono kuuma pampu isanadzuke. Madzi aziimira masentimita 10 mpaka 15 pansi pa payipi yotayira osefukira. Choyandamacho chikhale kutali ndi pomwe madzi amagwera, chifukwa mafunde amachivinitsa.

Kamodzi pa mwezi, dzuwa lili pamutu, yesani muli awiri. Mmodzi akwere n'kutukula choyandama ndi dzanja losamba bwino, paja awa ndi madzi akumwa, wina ayang'ane kontorola. Pampu iime. Akachisiya, iyambenso ikatha kudikira.

Thanki ikamasefukira, kawirikawiri waya amakhala atakolekera pa payipi, kapena choyandama chang'aluka n'kumwa madzi. Chigwedezeni: mukamva madzi m'kati, gulani china, chomata sichikhalitsa. Ngati mmisiri wangoika chatsopano ndipo pampu ikuima thanki ilibe kanthu, koma n'kumapopa itadzaza, wasemphanitsa mawaya. Zoyandama zambiri zili ndi mawaya 3 otchedwa COM, NO ndi NC, ndipo timalumikiza awiri okha. Mitundu ya mawaya imasiyana malinga ndi fakitale, motero atsate pepala la kontorolayo. Onaninso polumikizira mawaya, pamene dzimbiri limakonda, ndiponso ngati makoswe sanatafune.

Kanyale ka WELL LOW ndi nkhani ina. Kakutanthauza kuti madzi achepa mu mjigo, ndipo kontorola yaimitsa pampu kuti isapse popopa mpweya. Dikirani madzi abwerere. Wina asakunamizeni kuti alumphitse waya kuti pampu iziyenda basi.

Bokosi la kontorola atsegule ndi mmisiri yekha, atathimitsa swichi yochokera ku mapanelo, chifukwa masana mapanelo amakhala ndi magetsi ngakhale pampu itaima. Mlembi alembe m'kaundula tsiku, kanyale kamene kanayaka ndi zimene zakonzedwa.