Kalata kwa Eni Nyumba: Lendi ya Julayi Yalipidwa Kawiri

Nyumba ya kumbuyo,
Chilenje South,
Lusaka.

10 Julayi 2025

Kwa Bambo Banda,

PEMPHO LOTI LENDI YOMWE NDALIPIRA KAWIRI IKHALE YA MWEZI WA OGASITI

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi kunyumbako. Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwa mwezi uno kwawapatsa ana chimfine.

Ndalemba kalatayi chifukwa lendi ya Julayi yafika kwa inu kawiri, K3,200 pa foni ndi K3,200 ina ku banki, zonse pamodzi K6,400. Kulakwitsa n'kwanga, ndipo ndifotokoze mmene zinayendera kuti pasakhale kukayikirana.

Monga mukudziwa, Loweruka pa 28 Juni ndinakwera basi pa Intercity kupita ku Katete kumaliro a malume anga. Kumudzi kwathuko netiweki ndi yochita kusaka. Munthu umakwera pachulu cha kuseri kwa khola, foni ili m'mwamba, kuti mwina igwire. Lachiwiri pa 1 Julayi m'mawa ndinakwera pachulupo ndi kutumiza K3,200 ku nambala yanu ija ya masiku onse. Nditangolemba nambala yachinsinsi, foni inaima, kenako zonse zinazimiririka. Uthenga wotsimikiza sunabwere. Ndinayesa kuona ndalama zotsala, osatheka. Ndinadikira mpaka madzulo, zii.

Poopa kuti tsiku la 5 lomwe tinagwirizana lingandipitirire ndili kutali, ndinabwereka foni ya msuweni wanga n'kuimbira amake Dalitso kuti ndalama sizinapite. Iwo anali atangolandira kumene ndalama zawo za chilimba, zomwe amafuna kuwonjezera katundu pa kantemba kawo. Anatenga zomwezo, ndipo Lachitatu pa 2 Julayi anakaika K3,200 mu akaunti yanu ku banki. Kapepala ka ku bankiko kali ndi chidindo cha tsikulo.

Pobwerera Loweruka pa 5, basi itaima pafupi ndi mlatho wa Luangwa pomwe amagulitsa nsomba zouma, mauthenga a sabata yonse analowa motsatizana. Pakati pake panali wonena kuti ndalama za pa 1 zija zinapita kwa inu nthawi ya 7:42 m'mawa. Kunena zoona, nsomba yomwe ndinali nditagula inandiwawa m'kamwa.

Sindinafune kukuvutitsani ndi nkhani ya pakamwa chabe ndilibe umboni m'manja. Lolemba ndi Lachiwiri anali maholide, pa 7 ndi pa 8, motero dzulo ndi pomwe ndinapita m'tauni kukasindikizitsa sitetimenti ya pa foni yanga. Ndaiphatikiza ku kalata ino pamodzi ndi fotokope ya kapepala ka ku banki. Mzere wa pa 1 Julayi ndaulemba mzere kunsi ndi bolopeni yofiira.

Pempho langa ndi ili, bambo: musandibwezere ndalamazi. Muziwerenge kuti ndi lendi ya Ogasiti. Kubweza kungotidyera ndalama tonse awiri, poti inu mudulidwa potumiza, ine ndidulidwanso potapa, kenako pakatha masabata atatu ndikutumizireninso ndalama zomwezo. Komanso ndaona matumba a simenti omwe afika a mpanda wa kutsogolo, ndiye mwina zina zalowa kale pantchito, ndipo sindikufuna kuti muchite kufunafuna. Za chilimba cha amake Dalitso ndikonza ndekha malipiro akatuluka kumapeto kwa mwezi, ngakhale mlandu umenewo sunathebe m'nyumba muno.

Mukavomera, ndipempheko malisiti awiri, ina yolembedwa Julayi 2025, ina Ogasiti 2025, iliyonse ya K3,200. Chonde muuzenso a Chisomo, omwe amayenda ndi buku la lendi, kuti alembe m'bukumo. Iwo amatsatira zomwe zalembedwa basi, ndipo sindingakonde kuti pa 5 Ogasiti adzagogode pakhomo pathu anansi akuona, ngati kuti tili ndi ngongole. Pa zaka zitatu zomwe takhala pano sitinadumphitsepo mwezi.

Ndalama za madzi sizikukhudzidwa ndi nkhaniyi. Gawo lathu ndidzapereka monga mwa nthawi zonse bilu ikabwera, ndipo lendi ya Seputembala ndidzalipira pa 1 Seputembala.

Ngati mutayang'ana pa foni yanu ndi ku banki mwapeza zosiyana ndi zomwe ndalemba pano, ndiuzeni. Loweruka lino ndiweruka 13 koloko, ndipo nditha kufika kwanu ndi foni komanso kapepala keni keni kuti tione limodzi.

Pepani chifukwa cha chisokonezochi.

Ine wanu,

Yohane Mbewe