Mafunso kwa okwera minibasi zathu za Limbe ndi Zomba

Muli bwanji amayi, abambo, achimwene ndi achemwali? Ine ndine Mayi Nachisale, mwini wa minibasi zitatu zoyera, za mzere wobiriwira m'mbali, zimene zimayenda pa msewu wa M3 pakati pa Limbe ndi Zomba. Mwini minibasi sakhalamo m'galimoto. Madzulo ndimalandira ndalama ndi makiyi, ndipo anyamata anga amati tayenda bwino. Koma amene amaona za m'njira ndinu, n'chifukwa chake ndikupempha kuti mundiuze.

Mafunso alipo 14, ndipo ngati mwakwerera ku Limbe mutha kuwamaliza musanafike pa Njuli. Pa funso lililonse zungulizani chilembo cha yankho lanu. Ngati mwalandira mafunsowa pa WhatsApp, bwezani uthenga wokhala ndi nambala ya funso ndi chilembo chake, mwachitsanzo 1B, 2A, 3C. Dzina lanu silikufunika. Dalaivala ndi kondakitala saona zimene mwalemba, choncho musaope kunena zoona. Amene maso akukuvutani kapena kuwerenga n'kovuta, pemphani mnzanu wa pampando akuwerengereni, koma asakhale kondakitala.

Za ulendo wanu

1. Mumakwera minibasi zathu kangati?
A. Pafupifupi tsiku lililonse
B. Kamodzi kapena kawiri pa sabata
C. Mwa apo ndi apo, makamaka kumapeto kwa mwezi
D. Lero m'poyamba

2. Lero mwakwerera pati?
A. Ku Limbe kapena ku Kachere
B. Pa Mapanga, pa Njuli kapena pa Mbulumbuzi
C. Pa Namadzi kapena pa Thondwe
D. Ku Zomba
E. Pamsewu chabe, popanda siteji

3. Ulendowu ndi wa chiyani?
A. Ku ntchito kapena ku sukulu
B. Kukapikula kapena kukagulitsa katundu
C. Ku chipatala
D. Kukaona abale, ku ukwati kapena ku maliro
E. Zina

Kudikira pa siteji

Apa ndipo pamachokera madandaulo ambiri, ndipo ndinene poyera mbali yathu. Minibasi ikanyamuka ili ndi mipando yambiri yopanda anthu, ndalama ya mafuta siikwana. Komabe kudikira kuli ndi malire ake, ndipo munthu wothamangira ku ntchito akatopa amatsika n'kukakwera Sienta. Ndikufuna ndidziwe malirewo ali pati.

4. Kuchokera pamene munakhala pampando, minibasi inatenga nthawi yaitali bwanji kuti inyamuke?
A. Mphindi zosakwana 15
B. Pakati pa mphindi 15 ndi 30
C. Pakati pa mphindi 30 ndi ola limodzi
D. Kuposa ola limodzi
E. Ndinakwerera panjira, sindinadikire

5. Kodi munapezamo anthu ongokhalira mipando kuti galimoto ioneke yodzadza, amene anatsika okwera enieni atabwera?
A. Ayi
B. Inde, mmodzi kapena awiri
C. Inde, ambiri ndithu
D. Sindinaonetsetse

Ine zimenezi sindimalola, ngakhale anyamata ena a pa siteji amati ndi mmene bizinesi imayendera. Sindikufuna kuti anthu azikwera galimoto yanga chifukwa chopusitsidwa.

6. Tikanati tiike minibasi imodzi yonyamuka 6 koloko m'mawa ndendende, kaya yadzadza kaya ayi, koma mtengo wake n'kukwererako pang'ono, mukanatani?
A. Ndikanakwera masiku onse
B. Ndikanakwera tsiku limene ndili pachangu
C. Bola kudikira, mtengo ukhale womwewu
D. Nthawi imeneyo sindiyenda

Ndalama ndi chenji

Mitengo ya mafuta amalengeza ndi a MERA, osati ife, ndipo ikakwera mtengo wa ulendo umakweranso. Kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, matayala, mabuleki ndi oilo zinadula kwambiri. Izi ndikunena kuti mumvetse, osati kuti kondakitala apezerepo mpata wolipiritsa mmene akufunira. Mtengo wa siteji iliyonse tinaumata papepala pamwamba pa chitseko.

7. Ndalama imene mwalipira lero ikugwirizana ndi imene yalembedwa papepalalo?
A. Inde
B. Ayi, andilipiritsa yoposa
C. Tinanenerera, ndalipira yocheperapo
D. Pepalalo sindinalione
E. Anandiuza mtengo wina pokwera, n'kusintha tili m'njira

8. Nanga chenji chanu?
A. Ndinapereka ndalama yokwanira ndendende
B. Anandibwezera msanga popanda kukumbutsa
C. Ndinachita kukumbutsa kangapo
D. Anandiphatikiza ndi munthu wina kuti tikagawane tikatsika
E. Chenji sindinalandire

Funso ili ndikulitsindika. Ndikudziwa kuti m'mawa anthu ambiri amabwera ndi K5,000 imodziimodzi, ndipo ndalama zing'onozing'ono zimatha msanga. Koma kukutsitsani pa Thondwe pamodzi ndi munthu wosamudziwa, kuti mukasinthe nokha ndalama kwa amayi ogulitsa tomato, si chilungamo. Kondakitala aliyense ndimamupatsa ndalama zobwezera chenji asananyamuke. Ngati mwasankha D kapena E, lembani kuseri kwa pepalali tsiku, nthawi, nambala ya galimoto ndi kuchuluka kwa ndalamayo. Tikatsimikiza, tikubwezerani.

9. Mungakonde kulipira motani?
A. Ndalama pamanja
B. Pa Airtel Money
C. Pa Mpamba
D. Njira iliyonse, bola pasakhale ndalama yoonjezera

Mkati mwa galimoto ndi kayendetsedwe

10. Pa mzere wa mipando umene munakhala panali anthu angati, kupatula ana a pamiyendo?
A. Atatu kapena ochepera apo
B. Anayi
C. Atatu, koma katundu anatipanikiza kwambiri
D. Anayi, wina atakhala pa kathabwa kapena pa chigubu

Lamulo langa ndi atatuatatu. Munthu wachinayi amakufinyani inu, amatha matayala, ndipo ndalama yake siifika kwa ine. Apolisi a pamsewu akaigwira galimoto, nonse mumachedwa.

11. Pa zinthu izi, ndi ziti zimene mwaona lero? Mutha kuzunguliza zingapo.
A. Dalaivala amathamanga mopitirira muyeso
B. Amapitirira galimoto zina pokhota kapena pachitunda
C. Amayankhula pa foni kapena kulemba uthenga akuyendetsa
D. Amalimbirana okwera ndi minibasi ina
E. Amaima pena paliponse, ngakhale pamalo oopsa
F. Dalaivala kapena kondakitala amanunkha mowa
G. Palibe, tayenda bwino

Mukaona F, musadikire pepalali. Tsikani, ndipo uzani apolisi pa rodibuloko yapafupi. Ndalama ya ulendo wanu ndidzakubwezerani ine.

12. Kodi minibasi inakufikitsani kumene munalipirira?
A. Inde
B. Anatigulitsa ku minibasi ina panjira, koma sitinalipirenso
C. Anatigulitsa, ndipo uko anatilipiritsanso
D. Anatitsitsa tisanafike, akuti galimoto ikubwerera
E. Galimoto inawonongeka

Kugulitsa okwera kumachitika kawirikawiri anthu akatsala ochepa, mwina pa Namadzi, dalaivala n'kuona kuti kubwerera kuli phindu kuposa kupitiriza. Kwa mnyamata wopanda katundu zingaoneke zazing'ono. Kwa mayi wobereka mwana, ali ndi thumba la ufa ndi dengu, kapena gogo wopita ku chipatala cha Zomba Central, ndi nkhanza. Ndimavomereza pokhapokha galimoto ikawonongeka, ndipo pamenepo kondakitala wathu ndiye alipire minibasi inayo ndi kusamutsa katundu wanu ndi manja ake.

13. Kondakitala anakusamalirani bwanji?
A. Mwaulemu, ndipo anandithandiza katundu
B. Bwinobwino, palibe chodandaula
C. Anandilanda chikwama pondikokera ku minibasi
D. Anayankha mwamwano kapena kutukwana
E. Ndinanena kuti wotsika alipo, koma anandipitiriza siteji
F. Anandiyankhula kapena kundigwira mosayenera

Amayi ndi atsikana, yankho F musalibise chifukwa cha manyazi. Pepala lotero ndimaliwerenga ndekha, ndipo munthu woteroyo sakhalanso pa chitseko cha galimoto yanga.

14. Mbale wanu atafuna kupita ku Zomba kapena ku Limbe mawa, mungamuuze kuti adikire minibasi yathu?
A. Inde, mosakayika
B. Inde, ngati sali pachangu
C. Ndingamuuze akwere iliyonse imene wapeza
D. Ayi, ndingamuletse

Mawu anuanu

Kuseri kwa pepalali n'kopanda kanthu, lembanipo zimene mafunsowa sanakhudze. Mwina ndi phokoso la wailesi, mpando wong'ambika umene unakola chitenje chanu, windo losatseka nthawi ya mvula, kapena mtengo wa katundu, poti ena amati thumba la makilogalamu 50 tikulipiritsa ngati munthu. Ngati pali chinthu chimodzi chokha choti tikonze mwezi uno, chikhale chiti? Ngati dalaivala kapena kondakitala wina anakuchitirani zabwino, monga kukusungirani foni imene munaiwala, mutchuleninso. Anyamatawa amadzuka 4 koloko m'bandakucha, ndipo amene mwamuyamikira ndimamuonjezera kangachepe pa malipiro ake.

Nambala ya galimoto yalembedwa mkati, pamwamba pa galasi lakutsogolo. Ilembeni pamwamba pa pepalali pamodzi ndi tsiku la lero, kuti ndidziwe minibasi imene mukunena. Nambala yanu ya foni ilembeni pokhapokha ngati mukufuna ndikuimbireni kapena pali chenji choti tikubwezereni. Sindidzaipereka kwa wina aliyense.

Mukamaliza, pindani pepalali kawiri n'kuliponya m'kabokosi kachitsulo kokiya kamene kali kuseri kwa mpando wa dalaivala. Kiyi wake ndimasunga ine, ndipo ndimatsegula Lamlungu lililonse madzulo. Musalipereke m'manja mwa kondakitala ngakhale atakupemphani. Bolopeni yokha ndiye mum'bwezere. Tilandira mayankho mpaka pa 30 Juni, ndipo sabata yachiwiri ya Julayi tidzamata m'minibasi zonse zitatu pepala lonena zimene mwatiuza ndi zimene tasintha.

Zikomo kwambiri, muyende bwino.

Mayi Nachisale
Mwini minibasi