Ndondomeko ya kaziziritsidwe ka chipinda chachiwiri cha maseva ku Lilongwe: kutsekera kanjira kotentha ndi kusankha madigiri a mpweya wolowa

Chikalata chino chikupita kwa a komiti yoyang'anira ntchito yomanga, ndipo chikufotokoza mfundo zimene omanga ndi ogulitsa makina ayenera kutsata. Chipindachi ndi cha mamita 14 m'litali, 8 m'lifupi ndi 3.5 kupita m'mwamba, ndipo mudzakhala makabati a maseva 24 m'mizere iwiri yofulatirana. Tawerengera makilowati 6 pa kabati iliyonse, kutanthauza makilowati 144 onse pamodzi, ndipo tikaphatikiza kutentha kwa mafani, nyali ndi kolowera m'makoma, tikukonzekera makilowati 160. Magetsi onse amene seva yadya amasanduka kutentha, choncho kutentha konseku kuyenera kutulutsidwa usana ndi usiku.

Kanjira kotentha

Seva imakoka mpweya kutsogolo n'kuulavula kumbuyo utatentha. Kanjira ka pakati pa mizere iwiriyo, kotambalala mamita 1.2, kadzatsekedwa ndi zitseko zodzitseka zokha mbali zonse ziwiri, komanso ndi makoma oonekera mkati ochoka pamwamba pa makabati kukafika kusiling'i, kuti mpweya wotentha uzikwera m'siling'i n'kubwerera ku makina oziziritsa osakumana ndi wozizira. Tasankha kutsekera mbali yotentha, osati yozizira, chifukwa tikatero chipinda chonse chotsala chimakhala nkhokwe ya mpweya wozizira, ndipo anthu amene akugwira ntchito kutsogolo kwa makabati sawauka.

Mpanda umenewu mphamvu yake ili pa kutseka timipata. Pamene tinayendera chipinda choyamba, ndinaika kapepala kopyapyala patsogolo pa kabati ina imene inali ndi malo atatu opanda seva, ndipo kapepalako kanauluka kubwerera kwa ine: mpweya wotentha unkadutsa pamenepo n'kulowanso m'seva ya pamwamba pake, imene inkaonetsa madigiri 31 pamene makina oziziritsa ankatulutsa 17. Choncho malo aliwonse opanda seva atsekedwe ndi chivindikiro, mabowo a mawaya akhale ndi maburashi, ndipo pansi pa makabati ndi pakati pawo pamatidwe. Zida zozindikira utsi ndi zozimitsira moto ziikidwenso mkati mwa kanjirako, pakuti makomawo angatchinge zimene zili kunja.

Kuchuluka kwa mpweya

Tawerengera kuti mpweya uzikwera ndi madigiri 12 podutsa m'maseva. Apa pali mfundo imene ogulitsa asaidumphe. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka: kiyubiki mita imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 1.05, osati 1.2 amene mabuku a makina amakonda kugwiritsa ntchito. M'chiwerengero chili m'munsichi, Q ndi kuchuluka kwa mpweya wofunika pa sekondi, P ndi makilowati a maseva, ρ ndi kulemera kwa kiyubiki mita imodzi ya mpweya, cp ndi mphamvu yofunika kutenthetsa kilogalamu imodzi ya mpweya ndi digiri imodzi, ndipo ΔT ndi madigiri amene mpweya umakwera.

```
Q = P / (ρ × cp × ΔT)
Q = 144 / (1.05 × 1.005 × 12) = 11.4 m³/s
```

Kugombe la nyanja yamchere maseva omwewa akanafuna makiyubiki mita pafupifupi 10 pa sekondi, choncho amene angatengere chiwerengero cha m'buku adzatipatsa makina operewera. Tawonjezerapo magawo 10 pa 100 alionse chifukwa palibe mpanda wosadontha, ndipo tafika pa 12.5. Tikufuna makina anayi oziziritsa mpweya pogwiritsa ntchito madzi ozizira, aliwonse otha kukankha makiyubiki mita 4.2 pa sekondi ndi kuchotsa makilowati 60 pamtunda wa kuno, kuti amodzi akaonongeka atatu otsalawo asenze katundu yense. Masiku onse anayiwo aziyenda pamodzi mofatsa, chifukwa magetsi amene fani imadya amatsika msanga kwambiri liwiro likachepa: mwa chiwerengero, mafani anayi oyenda pa magawo 75 pa 100 a liwiro lawo amadya kungopitirira pang'ono theka la zimene atatu othamanga mpaka pamapeto angadye. Liwiro la mafaniwo lizilamulidwa ndi kachipangizo koyeza kusiyana kwa mphamvu ya mpweya, kuti mbali yozizira iziposa kanjira kotentha ndi mapasikalo 2 mpaka 5.

Chifukwa chake tasankha madigiri 24

Bungwe la akatswiri a zoziziritsa ndi zotenthetsa nyumba lotchedwa ASHRAE limalimbikitsa kuti mpweya wolowa m'maseva ukhale pakati pa madigiri 18 ndi 27, ndipo zida zimene bungweli limaziika m'gulu la A1 zimaloledwa kuyambira 15 mpaka 32. Malire a pamwambawo amatsika ndi digiri imodzi pa mamita 300 alionse opitirira 900, choncho kwa ife ndi pafupifupi 31.5.

Ena mu komiti anapempha madigiri 18, poganiza kuti kuzizira kwambiri ndiko chitetezo. Nkhawa yawo ndikuimvetsa, koma chizolowezicho chinabadwa m'zipinda zopanda mpanda, mmene ankaziziritsa mopyola muyezo pofuna kupulumutsa seva imodzi yapakona. Kanjira kakatsekedwa bwino, kabati yapamwamba ndi yapansi zimalandira mpweya wofanana. Madigiri 18 angafune madzi ozizira kwambiri, makina oziziritsa madzi n'kumadya magetsi ochuluka, komanso mapaipi n'kumachita thukuta m'nyengo ya dzinja. Pa madigiri 24, madzi azilowa ali pa 16 n'kutuluka ali pa 22, ndipo usiku wa m'miyezi ya Juni ndi Julayi mpweya wa panja udzatha kuziziritsa madziwo makompuresa akupuma. Chinyezi chidzalamulidwa padera ndi makina aang'ono olowetsa mpweya wa panja, kuti mame asamayambe kupangika pa madigiri oposa 15.

Enanso anafunsa chifukwa chimene sitikukwerera mpaka 27. Mpweya wolowa ukayandikira pamenepo, mafani a mkati mwa maseva ambiri amayamba kuthamanga, ndipo zimene tapulumutsa panja timazibwezanso mkati. Kanjira kotentha kangafike madigiri 39 m'malo mwa 36, ndipo 36 yemweyo ndi wokwanira kale kutopetsa munthu amene akulumikiza mawaya, mwakuti ndikupempha kuti ntchito ya m'menemo izichitika mwa kanthawi kochepa, anthu ali awiri. Koma chifukwa chimene chandilemera koposa ndi kuthima kwa magetsi. Mpweya wonse wa m'chipindachi, ukasiyidwa wokha ndi makilowati 144, ungakwere digiri imodzi pa masekondi atatu alionse, ngakhale kuti zitsulo ndi makoma zimachedwetsako pang'ono. Kuchokera pa 24 tili ndi madigiri 7.5 tisanafike pamalire, pamene kuchokera pa 27 tili ndi 4.5 okha, ndipo m'mwezi wa Okutobala sindikufuna kuti tiziyenda m'mphepete mwa phompho chotero.

Pa chifukwa chomwechi, mafani a makina anayiwo ndi mapampu a madzi akhale pa mabatire a UPS, amene amalowererapo nthawi yomweyo magetsi akathima, osadikira jenereta. Makina oziziritsa madzi amatenga mphindi zingapo kuti adzukenso, choncho pakhale thanki yosungira madzi ozizira. Kusenza makilowati 160 kwa mphindi zisanu, madzi akukwera kuchoka pa madigiri 16 kufika pa 22, kumafuna malita pafupifupi 1,900, ndipo tikupempha thanki ya malita 3,000 chifukwa madzi ofunda ndi ozizira amasakanikirako.

Kuyesa tisanalandire ntchito

Madigiri aziyezedwa kutsogolo kwa makabati, pamwamba, pakati ndi pansi, pa kabati yachitatu iliyonse ndi pa za kumapeto kwa mizere. Chenjezo loyamba lizilira pa madigiri 27, lachiwiri pa 30. Maseva asanalowe, omanga aike zotenthetsera za makilowati 144 m'makabatimo kwa maola 24, kenako azimitse makina amodzi oziziritsa mpweya, pambuyo pake athimitse magetsi onse ife tikuona. Ntchito idzalandiridwa ngati palibe malo oyezera amene apitirira madigiri 27 pa mayeso onsewa, ndipo ngati kusiyana kwa malo otentha koposa ndi ozizira koposa sikupitirira madigiri 2 makina onse akuyenda bwino.