Chikalata cha nthawi yofikira pantchito, chokonzedwanso

Bwana,

Ndakonza chikalata chimene munandisiyira Lachisanu kuti nditayipe. Mundikhululukire, ndasintha zambiri kuposa zimene munandituma. Inu munalemba motere:

"Anyamata ndi atsikana, zochedwazi zanyanya. Ena mukumafika 9 koloko ngati kwanu. Kuyambira Mande aliyense azisaina buku, wochedwa aona zakuda. Zomasainirana zija ndazimva, musaganize kuti sindikudziwa. Amene sakufuna, geti ili apo."

Dandaulo lanu ndi loona, ndipo sindinalifewetse. Koma pakati pathu pali anthu a zidzukulu, amene akatchulidwa kuti anyamata, mawu otsatirawo sadzawamvanso. Chinanso, chikalatacho sichinanene Lolemba lake ndi liti, buku lidzakhala pati, ngakhale nthawi imene munthu ayesedwa wochedwa, choncho ndaikamo zimene munagwirizana ndi akuluakulu a nthambi sabata yatha. Mawu a geti aja ndawachotseratu. Pakamwa amatha ngati mkwiyo wa tsiku limodzi, koma papepala losainidwa amaoneka ngati kuopseza kuchotsa munthu ntchito, pamene lamulo la za ntchito la 2000 limati munthu ayambe wapatsidwa mpata woyankhapo asanachotsedwe chifukwa cha khalidwe lake. Mukaona kuti chili bwino, musaine ndikachipachike lero.

Mlembi wanu

CHIKALATA CHA M'KATI MWA KAMPANI

Kwa: Ogwira ntchito onse
Kuchokera kwa: Mkulu Woyang'anira Ogwira Ntchito
Tsiku: 9 Juni 2025
Mutu: Nthawi yofikira pantchito ndi kusaina buku

Okondedwa Amayi ndi Abambo,

Ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikuthokoza ambiri a inu amene mumafika m'nthawi yake tsiku ndi tsiku.

Ndalemba chikalatachi pofuna kukukumbutsani kuti ntchito imayamba 7:30 m'mawa ndi kutha 4:30 madzulo, kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. M'masabata apitawa taona kuti ena mwa ife akhala akufika mochedwa, nthawi zina mpaka 9 koloko. Izi zikuchititsa kuti makasitomala athu azidikira pakhomo, komanso kuti amene afika msanga azisenza ntchito ya anzawo kuwonjezera pa yawo.

Pa chifukwa chimenechi, kuyambira Lolemba pa 16 Juni 2025, aliyense akupemphedwa kusaina buku pofika ndi poweruka. Bukuli lidzakhala patebulo lolandirira alendo. Nthawi ikakwana 7:45 m'mawa, wolandira alendo adzalemba mzere pansi pa dzina lomaliza, ndipo amene adzasaine pansi pa mzerewo adzawerengedwa kuti wachedwa. Dongosololi likukhudza tonse, kuphatikizapo akuluakulu a nthambi ndi ine ndemwe. Amene ntchito yawo imayambira kunja kwa ofesi, monga madalaivala, adziwitse mkulu wa nthambi yawo dzulo lake kuti alembe m'bukumo chifukwa chake.

Tikudziwa kuti mavuto sapangana ndi munthu. Matenda, zovuta za pabanja ndi mayendedwe zikhoza kumuchedwetsa aliyense. Zikatero, chonde imbirani foni kapena tumizani uthenga kwa mkulu wa nthambi yanu nthawi isanakwane 7:30, kuti apeze wogwirizira ntchito yanu. Ngati pali vuto lokhalitsa limene likukulepheretsani kufika m'nthawi yake, bwerani ku ofesi yanga tidzakambirane mwachinsinsi. Ndi bwino kuti tilidziwe kuchokera kwa inu eni ake kusiyana ndi kuliona m'buku.

Ndikupemphanso kuti aliyense azisaina yekha. Kusainira mnzanu amene sanafike, ngakhale mutatero pofuna kumuthandiza, ndi kulemba zabodza m'buku la kampani, ndipo wosainayo ndi wosainiridwayo adzafunsidwa onse awiri.

Amene adzachedwe katatu pamwezi popanda kudziwitsa mkulu wake adzaitanidwa kuti afotokoze mbali yake. Zifukwa zikapezeka kuti n'zosakwanira, adzalandira chenjezo lolembedwa motsatira malamulo a kampani. Palibe amene adzapatsidwe chilango asanamvedwe.

Akuluakulu a nthambi akupemphedwa kuwerengera anthu awo chikalatachi pamsonkhano wa m'mawa pasanafike Lachisanu pa 13 Juni, ndi kubweretsa ku ofesi yanga mafunso kapena maganizo amene angatuluke, kuti tiyankhe dongosololi lisanayambe.

Zikomo kwambiri chifukwa cha kumvetsa kwanu.

Ine wanu pantchito,
Mkulu Woyang'anira Ogwira Ntchito